Kapezedwe ka temperecha ya pakatikati pa silinda yaitali imene ikupanga kutentha mkati mwake

Ndodo yachitsulo ikamadutsa magetsi ambiri, malo otentha koposa si pakhungu pake pomwe mungagunditse choyezera. Ndi pakatikati penipeni, pamzere woyenda m'litali mwa ndodoyo, pomwe choyezera sichingafike musanaiboole. Ngati chitsulocho chiti chifewe kapena kusungunuka, chiyambira pamenepo. N'chifukwa chake temperecha ya pakatipo timachita kuwerengera, ndipo njira yosasokoneza ndiyo kuyambira kunja, pa madzi kapena mpweya woziziritsa, n'kumalowa mkati pang'onopang'ono mpaka kufika pakati.

Tigwirizane kaye pa mawu awiri, chifukwa polankhula timawaphatikiza. M'malangizo ano, "kutentha" ndi mphamvu imene ikuyenda, yoyezedwa m'mawati. "Temperecha" ndi imene timawerenga pa choyezera, m'madigiri. Kutentha kumayenda kuchoka pomwe temperecha ili pamwamba kupita pomwe ili pansi.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tili ndi ndodo ya chitsulo cha sitenilesi, dayamita yake mamilimita 6, ndipo mukudutsa magetsi a maampeya 300. Ndodoyo yamizidwa m'madzi oyenda a madigiri 30. Kondakitiviti ya chitsulocho, kutanthauza mmene chimalolera kutentha kudutsa, tiitenga kukhala `k = 15 W/m·K`. Rezisitiviti yake, mmene chimakanira magetsi, ndi `ρe = 7.2 × 10⁻⁷ Ω·m`. Nambala yosonyeza mmene madziwo akulandirira kutentha pakhungu ndi `h = 3000 W/m²·K`.

Choyamba: onani ngati funso lanu ndi la mtundu uwu

Fomyula imene tipeze imadalira zinthu zinayi. Silindayo ikhale yaitali kwambiri poyerekeza ndi kunenepa kwake, kuti kutentha kuzitulukira m'mbali osati kunsonga. Ikhale yopanda bowo pakati. Kachidutswa kalikonse ka mkati mwake kazipanga kutentha kofanana ndi kanzake. Ndipo zinthu zikhale zitakhazikika: magetsi akhala akuyenda kwa nthawi, temperecha yasiya kukwera, kutentha konse kopangidwa kukutuluka. Tiyambanso ndi `k` yosasintha, koma ya `k` tibwereranso kumapeto.

Za kupanga kutentha mofanana zimafuna kusamala pang'ono ngati magetsi ake ndi osinthasintha mbali. Magetsi oterowo amakonda kuthamangira kukhungu, makamaka m'zitsulo zonenepa zodutsa magetsi bwino. Mu kopa, pa `50 Hz`, amalowa mozama pafupifupi mamilimita 9. Mu sitenilesi yosakoka maginito amalowa pafupifupi masentimita 6. Ndodo yathu kuchoka pakhungu kufika pakati ndi mamilimita 3 okha, choncho palibe chodetsa nkhawa.

Chachiwiri: lembani rediyasi m'mamita

Fomyula imafuna rediyasi, theka la dayamita, pomwe wogulitsa waya ndi wolemba mafunso amakonda kupereka dayamita. Lembani pamwamba pa pepala musanachite china chilichonse: `R = 0.003 m`.

Chachitatu: pezani kutentha kopangidwa

Tifuna manambala awiri apachibale. Woyamba ndi kutentha kopangidwa pa mita imodzi ya utali wa ndodo, `qL`, m'mawati pa mita. Wachiwiri ndi kutentha kopangidwa pa voliyumu, `qv`, m'mawati pa kiyubiki mita. Magetsi akamadutsa, kutentha ndi karenti kuchulukitsa ndi karenti yomweyo, kuchulukitsanso ndi rezisitansi, ndipo rezisitansi ya mita imodzi ndi `ρe` kugawa ndi kukula kwa nkhope yoduka ya ndodoyo.

```
A  = π R² = π (0.003)² = 2.827 × 10⁻⁵ m²
qL = I² ρe / A = 300² × 7.2 × 10⁻⁷ / 2.827 × 10⁻⁵ = 2292 W/m
qv = qL / A = 8.11 × 10⁷ W/m³
```

Musadabwe ndi mawati oposa 80 miliyoni. Kiyubiki mita ya chitsulo ndi chimphona, pomwe mita imodzi ya ndodo yathu ndi kachigawo kochepetsetsa ka chimphonacho. Nambala yomveka m'mutu ndi ya mawati 2292 pa mita. Funso likakupatsani mawati onse a ndodo, mwina kudzera mu voteji ndi karenti, gawani ndi utali kuti mupeze `qL`, kenako ndi `A` kuti mupeze `qv`. Kulowetsa mawati onse pamalo a `qv` kumabweretsa yankho loti pakati ndi pakhungu palibe kusiyana kulikonse, ndipo chizindikiro chake n'chomwecho.

Chachinayi: pezani temperecha ya pakhungu

Mafunso ena amakupatsani kale temperecha ya pakhungu, `Ts`. Zikatero dumphani gawo lino. Koma nthawi zambiri chodziwika ndi temperecha ya madzi kapena mpweya, `T∞`, ndipo ziwirizi si zofanana. Kuti kutentha kuchoke pachitsulo kulowe m'madzi, khungu liyenera kutentha kuposa madziwo.

Apa simufunika kudziwa chilichonse cha zomwe zikuchitika mkati. Popeza zinthu zakhazikika, kutentha konse kopangidwa m'chidutswa cha utali `L` kuyenera kutulukira pakhungu la chidutswacho. Kopangidwa ndi `qv π R² L`. Kotuluka ndi `h`, kuchulukitsa ndi kukula kwa khungu `2π R L`, kuchulukitsa ndi kusiyana kwa temperecha. Mukafananitsa ziwirizi, `L` amafafanizika, `π` amafafanizika, ndi `R` mmodzi.

```
Ts = T∞ + qv R / (2h)
Ts = 30 + (8.11 × 10⁷ × 0.003) / (2 × 3000) = 30 + 40.5 = 70.5 °C
```

Taonani kuti `k` sanawonekemo. Ndodo ya kopa ndi ya sitenilesi, zikamapanga kutentha kofanana m'madzi omwewo, khungu lake limakhala pa temperecha imodzi. Mtundu wa chitsulo umayamba kugwira ntchito tikalowa mkati.

Chachisanu: lowani mkati

Pano ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa amene wamvetsa gawo lino sadzavutikanso kukumbukira ngati pansi pa fomyula pamakhala 2, 4 kapena 6.

Mumtima mwanu jambulani kasilinda kakang'ono mkati mwa ndodoyo, kozungulira mzere wa pakati, ka rediyasi `r` iliyonse yochepera `R`. Funso ndi lomwe lija: kutentha kopangidwa m'kasilindaka kukupita kuti? Kulibe kwina kotulukira koma kudutsa pakhungu lake la kasilindako, kupita ku chitsulo chokazungulira. Kopangidwa ndi `qv π r² L`. Kodutsa pakhungulo kumatsatira lamulo la Fourier, limene Joseph Fourier analilongosola mokwanira mu 1822: kutentha kodutsa ndi `k`, kuchulukitsa ndi kukula kwa malo odutsapo, kuchulukitsa ndi mmene temperecha ikutsikira pa mita iliyonse.

```
qv π r² L = − k (2π r L) dT/dr
dT/dr = − qv r / (2k)
```

Mzere wachiwiriwu uwerengeni ngati nkhani. Pakatikati, pomwe `r` ndi ziro, temperecha sikutsika kapena kukwera, yafika pachimake. Umenewo ndiwo umboni woti pakati ndiye potentha koposa. Mukamatuluka, kutsikako kumakula molingana ndi `r`. Chifukwa chake n'chakuti mphete iliyonse ya chitsulo imanyamula kutentha kwa mphete zonse za mkati mwake kuphatikiza kwake komwe. Katunduyo amakula ngati `r²`, pomwe khomo lotulukira limakula ngati `r` chabe. Mphete ya kukhungu ndiyo yosenza zonse, ndipo temperecha imagwa kwambiri chakumeneko.

Tsopano integiretani kuchoka pa `r` kufika pa `R`, pomwe temperecha tikuidziwa kale kuti ndi `Ts`, ndipo ya pakati penipeni, pa `r = 0`, tiitcha `T0`:

```
T(r) = Ts + (qv R² / 4k) (1 − r²/R²)
T0   = Ts + qv R² / (4k)
```

Nambala 4 ija yachokera kuwiri: 2 woyamba pogawa `π r²` ndi `2π r`, 2 wachiwiri pointegireta `r` kukhala `r²/2`.

Amene anaphunzira njira ya m'kalasi amayambira pa ikweshoni yonse ya kondakishoni:

```
(1/r) d/dr (r dT/dr) + qv/k = 0
T(r) = − qv r² / (4k) + C1 ln r + C2
```

Yankho lake ndi lomwelo. `C1` ayenera kukhala ziro, chifukwa `ln r` alibe malire pa `r = 0`, ndipo ndodo yeniyeni singakhale ndi temperecha yopanda malire pakati pake. `C2` amapezeka poika `T = Ts` pa `r = R`. Ine ndimakonda njira ya kasilinda chifukwa `C1` sabadwa n'komwe, koma njira yachiwiriyi muisunge: silinda ikakhala ndi bowo pakati, ngati paipi, `r = 0` sakhalanso m'chitsulo, `C1` safa, ndipo fomyula yathu ya `T0` sigwiranso ntchito.

Pa ndodo yathu:

```
qv R² / (4k) = (8.11 × 10⁷ × 9 × 10⁻⁶) / (4 × 15) = 12.2 °C
T0 = 70.5 + 12.2 = 82.7 °C
```

Ndiye ulendo wonse uli motere: madzi ali pa 30, khungu pa 70.5, pakati pa 82.7. Popeza tikuphatikiza kusiyana kwa matemperecha, palibe chifukwa chosinthira ku makelivini; kusiyana kwa digiri imodzi ndi kelivini imodzi.

Ikani `r` kukhala theka la `R` muone mmene temperecha yagonera mkatimo. Mupeza `1 − 0.25 = 0.75`, kutanthauza madigiri 79.6. Kuchoka pakati kufika theka la njira, temperecha yangotsika ndi madigiri 3. Madigiri 9 otsalawo akugwa m'theka lakunja. Ndipo mukafuna temperecha ya avereji ya nkhope yonse yoduka, mwachitsanzo yoti muwerengere `k` kapena `ρe` m'matebulo, ndi `Ts` kuphatikiza theka la kusiyanako, madigiri 76.6.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani yankho lanu

Pali mayeso awiri achangu. Oyamba ndi kulemba fomyula yomweyo pogwiritsa `qL`. Popeza `qv R²` ndi `qL / π`, timapeza:

```
T0 − Ts = qL / (4π k) = 2292 / (4π × 15) = 12.2 °C
```

Zagwirizana. Koma yang'anitsitsani fomyulayi: rediyasi mulibe. Ngati mawati pa mita sakusintha, kunenepetsa ndodo sikuchepetsa kusiyana kwa pakati ndi pakhungu ngakhale ndi digiri imodzi. Njira yotulukira imatalika, khomo limakula, ndipo ziwirizi zimathetsana ndendende. Ambiri amakana kukhulupirira izi mpaka atawerengera okha. Chimene kunenepetsa kumathandiza ndi gawo lakunja, chifukwa khungu lokumana ndi madzi limakula. Muzisiyanitsa bwino zomwe mwagwira kuti zisasinthe. Mukagwira `qv`, kusiyana kwa mkati kumakula ngati `R²`. Mukagwira `qL`, sikusintha. Mukagwira karenti, kumachepa, popeza ndodo yonenepa ili ndi rezisitansi yochepa ndipo `qL` yeniyeniyo imatsika.

Mayeso achiwiri ndi kuyerekeza madumpho awiri a temperecha: la kunja, kuchoka pa madzi kufika pakhungu, ndi la mkati, kuchoka pakhungu kufika pakati. Gawani la mkati ndi la kunja, mupeza `h R / (2k)`, lomwe ndi theka la nambala ya Biot yowerengeredwa pa rediyasi. Kwa ife `h R / k` ndi 0.6, theka lake 0.3, ndipo 12.2 kugawa ndi 40.5 ndi 0.3. Kuwonjezera pa kutsimikizira masamu, nambalayi imakuuzani pomwe pali vuto. Pa ndodo yathu dumpho lalikulu lili kunja, choncho wofuna kuziziritsa pakati athamangitse madzi m'malo mosaka chitsulo china. Pa waya wa kopa, yemwe `k` wake ndi pafupifupi 400, dumpho la mkati limakhala laling'ono kwambiri moti pakati ndi pakhungu mutha kupatenga ngati pamodzi.

Yankho lanu likasiyana ndi loyembekezeka, kukula kwa kusiyanako kumaloza cholakwa. Dumpho la mkati likatuluka 48.6, kanayi kuposa loyenera, mwaika dayamita pamalo a rediyasi mu fomyula ya `T0`. Likatuluka 24.3, kawiri, mwabwereka fomyula ya khoma lafulati, ija ya `2k` pansi. Likatuluka 8.1, mwatenga ya mpira, ya `6k`. Likachuluka kamiliyoni, mamilimita sanasinthidwe kukhala mamita. Ndipo `T0` ikatuluka 42.2, mwaphatikiza dumpho la mkati pa temperecha ya madzi, kuiwala khungu. Cholakwa chomalizachi ndicho choopsa pa zonse, chifukwa yankho lake limaoneka labwinobwino komanso limanama molowera kozizira.

Ndodo ikakhala ndi chokuta

Ndodo zenizeni sizikhala zamaliseche nthawi zonse. Waya amakhala ndi pulasitiki, ndipo chotenthetsera madzi chimamera chikhungwa choyera cha layimu pakapita nthawi. Chokutacho sichipanga kutentha, chimangodutsitsa `qL` yonse, choncho chimawonjezera dumpho lachitatu pakati pa awiri aja. Tiyerekeze kuti ndodo yathu yamera chikhungwa cha mamilimita 0.2, ndipo `k` wake, `kc`, timuike pa 1. Rediyasi yakunja tsopano ndi `R2 = 0.0032 m`.

```
kunja:    qL / (2π R2 h)           = 38.0 °C
chokuta:  qL ln(R2/R) / (2π kc)    = 23.5 °C
mkati:    qL / (4π k)              = 12.2 °C
T0 = 30 + 38.0 + 23.5 + 12.2       = 103.7 °C
```

Kachikhungwa kopyapyala ngati mapepala awiri kakweza pakati ndi madigiri 21, ndipo dumpho lake laposa la chitsulo chonse cha mamilimita 3. Apa gwiritsani `qL`, osati fomyula ya `qv R / (2h)`, chifukwa khungu lokumana ndi madzi silinso pa `R`. Chodabwitsa n'chakuti munthu woyeza kunja angaone temperecha itatsika pang'ono, kuchoka pa 70.5 kufika pa 68, pomwe mkati mukupsa kuposa kale.

Pomwe fomyula imathera

Kutentha kopangidwa kumakula ngati karenti kuchulukitsa ndi karenti yomweyo. Mukakweza magetsi kufika maampeya 600, madumpho onse amachuluka kanayi, ndipo pepala lidzati khungu lili pa madigiri 192. Musalembe yankho limenelo osaganiza. Ngati madziwo sali opanikizidwa, ayamba kuwira pakhungu kalekale, ndipo `h` ya madzi owira si 3000 ija. Chimodzimodzi madzi akauma ndodo n'kutsala mumpweya. Mukaika `h = 25`, masamu amapereka madigiri oposa 4800, pomwe sitenilesi imasungunuka cha m'ma 1400. Nambala yoteroyo si temperecha yeniyeni. Ndodo ikafiira imatayanso kutentha kochuluka kudzera m'cheza chake, chimene `h` yathu sinachiwerengere, koma uthenga wake ndi womveka: kuziziritsa koteroko sikukwanira magetsi amenewa.

Malire ena ndi a `k`. M'ndodo yathu kusiyana kwa mkati ndi madigiri 12, ndipo `k` sasintha kwenikweni pa mpata wotere. Koma taganizirani ndodo za mafuta a nyukiliya, momwe funso limeneli limafunsidwa mosaseka. Timibulu ta yuraniyamu dayokisaidi tili ndi `k` wochepa, pafupifupi 8 tikazizira, n'kutsika kufika cha m'ma 3 pa madigiri 1000. Pa `qL` ya mawati 20,000 pa mita ndi `k = 3`, fomyula ikupereka madigiri pafupifupi 530 pakati pa khungu la kam'bulu ndi pakati pake, m'kanthu konenepa osapitirira sentimita imodzi. Pa mpata waukulu chonchi `k` wa pakhungu ndi wa pakati ndi osiyana ndithu, ndiye sangatulutsidwe kunja kwa integiro. Kasilinda kathu kaja kamagwirabe ntchito, kungoti timaima sitepe imodzi m'mbuyo:

```
∫ k(T) dT  (kuchoka Ts kufika T0)  =  qL / (4π)
```

Mbali ya kumanja mukuidziwa. Ya kumanzere mumaiwerengera kuchokera pa tebulo kapena fomyula ya `k`, n'kumakweza `T0` mpaka mbali ziwirizo zifanane. Ngati `k` akusintha mowongoka ndi temperecha, pali chidule cholondola ndendende: gwiritsani `k` wa pa temperecha ya pakati pa `Ts` ndi `T0`. Popeza `T0` simunaidziwe, yambani ndi `k` wa pakhungu, pezani `T0` yoyamba, werengani `k` watsopano pa theka la njira, bwerezani. Kawirikawiri pakatha maulendo awiri kapena atatu yankho limasiya kusuntha. Pa chinthu chomwe `k` wake amatsika chikamatentha, `T0` yoyamba ija imakhala yochepera yeniyeni, choncho musaimire pa ulendo woyamba.